Mawu a pa sitetasi asafanane ndi a pa Facebook

Pa Facebook ndimalankhula ndi alendo, ndiye ndimatchula dzina langa, nambala, ndi kuti ndili ku Chipoka. Pa sitetasi ya WhatsApp zonsezo n'zosafunika, chifukwa amaiona ndi okhawo amene tinasungirana manambala. Mpunga wanga anaudyapo kale. Akungofuna kumva kuti lero kuli chiyani.

Ndiye pansi pa chithunzi ndimangolemba kuti: "Lachiwiri. Kilombero wopuntha dzulo, atsala matumba 6. Mtengo sunasinthe. A ku Salima ndi ku Lilongwe, yankhani pompano isanakwane 3 koloko, ndikweze pa minibasi."

Tsikulo musamaliiwale. Sitetasi imakhala maola 24. Mukangolemba kuti "lero", wina aiona mawa m'mawa, n'kutumiza ndalama mpunga utatha kale.