Kalata kwa Mphwanga pa za Makobiri a m'Chitini cha Agogo

Wokondedwa mphwanga,

Pamene ndidamva kuti wayamba kuyendayenda m'midzi ya kwa Nthondo ndi kwa Malomo kugula makobiri akale, kuti ukawagulitse kwa anthu osonkhanitsa zinthu zamakedzana ku Lilongwe, mtima wanga udakondwera, pakuti mwa ana onse a mayi athu ndiwe wekha amene waona ulemu mu zinthu zimene ena akuponya kudzala. Koma pamene ndidafika pa mawu ako onena kuti wagula kale Brasso ndi sitiluwulu, ndi kuti ufuna kuyamba ndi chitini cha agogo, chimwemwe chija chidasanduka nkhawa. Ndikupempha, usakhudze ngakhale kobiri limodzi kufikira utawerenga kalatayi mpaka kumapeto.

Chitini chimenecho agogo adachidzaza pobwera kuchokera ku Halale, kumene adakagwira ntchito nkhondo ya Hitler ili pafupi kapena itangoyamba, ndipo zina adaonjezamo atate pogulitsa fodya pa Mponela. Masiku amenewo dziko lino lidalibe ndalama yakeyake, ndipo anthu ankagwiritsa za ku Mangalande pamodzi ndi za Southern Rhodesia, zimene zidayamba kusulidwa mu 1932. Kufikira 1942 tiki, sikisi, sheleni ndi hafukoloni za Rhodesia zidali siliva weniweni, magawo 925 mwa 1,000. Mu 1944 siliva adatsika kufika theka, ndipo kuyambira 1947 mudalibenso siliva, koma mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Pambuyo pake padadza za Chitaganya, kuyambira 1955, monga kobiri lobowoka pakati lokhala ndi njovu ziwiri, limene amayi ankatunga pachingwe. Kenaka za Kamuzu za 1964, sikisi wa tambala ndi sheleni ya chimanga, kufikira kwacha ndi tambala zidalowa mu 1971. Chotero chaka cholembedwa pa ndalama chikuuza zambiri usanafunse munthu aliyense.

Tsono imva chimene chidachitikira mahafukoloni awiri a 1937, a mutu wa Mfumu George VI. Chaka chimene tidamanga chiliza cha agogo, azakhali athu aakulu, amene sadalole kuuzidwa kanthu ndi munthu chibadwire, adatenga imodzi naikwecha ndi phulusa ndi mchenga wa kudambo, nati ndalama ya malemu isaoneke yakuda pamaso pa alendo. Idawala ndithu, ndipo onse adaitamanda. Patapita zaka, njala itavuta, malume adapita nazo zonse ziwiri kwa munthu wina wodziwa za ndalama zakale, amene adazitembenuza pang'onopang'ono pansi pa nyali, nayang'ana ndi galasi lokuza zinthu. Yakuda ija adaigula monga chinthu chosungidwa bwino. Yowala ija adangoiika pasikelo, magalamu 14 ndi pang'ono, nalipira mtengo wa siliva yekha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalamazo sitidaziona ife a mbumba ya amayi, ndipo mlanduwo sudathe bwino kufikira lero, ngakhale ana a azakhaliwo amatipatsa moni kutchalitchi monga ngati palibe kanthu.  

Ndibwerere ku ndalama zija, kuti umvetse chifukwa chake yowala idanyozeka. Ndalama ikamasulidwa, chidindo chachitsulo chimaipanda ndi mphamvu yaikulu, kotero kuti chitsulo chake chimayenderera kuchokera pakati kunka m'mphepete, ndi kusiya timizere tosaoneka ndi maso, timene timachititsa kuti kuwala kuzizungulira pankhope pa ndalamayo ukamaipendeketsa. Khungu limenelo ndi lopyapyala koposa, ndipo likachoka palibe mmisiri pansi pano angathe kulibwezera. Madzi akatayika sawoleka. Kuda kumene umakuona pa siliva si litsiro ayi, koma siliva yemweyo amene wasandulika pokumana ndi sulufule wa mumpweya kwa zaka zambiri, ndipo chimodzimodzi kufiirira kwa kobiri la mkuwa. Wochotsa mtundu umenewo achotsa chitsulo cha ndalamayo. Phulusa, mchenga, sitiluwulu, Brasso ndi mankhwala otsukira mano zimapala, nizisiya tizikande tambirimbiri toloza mbali imodzi, ndi kufafaniza tsitsi la mfumu ndi nsonga za zilembo, malo enieni amene wogula amayang'ana poyesa mtengo. Mandimu, viniga ndi Kokakola sizipala, koma zimadya, ndipo kobiri loviikidwamo limatuluka lotuwa mofiira ngati nyama yosapsa, mtundu umene wodziwa amauzindikira ali chapatali. Ngakhale nsalu yofewa, ukaipukutira pa ndalama ya fumbi, fumbilo limakanda.

Chimene uyenera kuchita n'chochepa, ndipo kuvuta kwake n'kudziletsa. Ndalama uziigwira m'mphepete ndi zala ziwiri zouma, pakuti thukuta lili ndi mchere, ndipo chidindo cha chala chimatha kukhazikika pa mkuwa osachokanso. Imene yafukulidwa m'munda ili ndi dothi, uiviike m'madzi a mubatire ogula kusitolo, amene sadathiridwe asidi, kwa masiku angapo, n'kumasintha madziwo, kuti dothi ligwe lokha. Ukaivuula uigoneke pa nsalu yoyera ndi kuigunditsa pang'ono mbali zonse, osapukuta, kufikira iumitsitse. Chimene madzi alephera kuchotsa, uchisiye. Iliyonse ikhale m'kamvulopu kake ka pepala loyera, kuti zisakhulane, ndipo usazimange ndi mphira, pakuti mphira uli ndi sulufule, kapena kuziika m'mapulasitiki ofewa aja, amene pakapita nthawi amatuluka thukuta lobiriwira lonanda. Chinyezi cha kuno kumapiri m'miyezi ya dzinja uchidziwa. Chotero usazisunge pansi kapena m'khitchini mofuka utsi, koma m'bokosi louma, pamwamba. Ukaona kobiri lili ndi timadontho tobiriwira motuwa, tofumbutuka ngati ufa ukatikhudza ndi kamtengo, limenelo likudyeka. Ulipatule kwa anzake, ulisunge pouma kwambiri, ndipo ukafunse a nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, mu Blantyre, usanalithire kanthu kalikonse. Kubiriwira kolimba ndi kosalala kulibe vuto.

Pa kamvulopu kalikonse ulembe chaka, dziko, ndi kumene udaipeza, pakuti wogula woona amakondwera kumva kuti ndalama idachokera m'chitini cha munthu amene adaigwirira ntchito ku Halale.

Ndikuchenjezenso za anthu oyenda m'misika, onena kuti kobiri lobowoka ligula galimoto, kapena kuti lili ndi mphamvu yokoka zinthu, nafuna kuti uyambe wapereka ndalama yoliyesera. Makobiri a Chitaganya adasulidwa ochuluka zedi, ndipo otha ndi kuyenda m'manja mtengo wake ndi wochepa. Phindu lako lidzakhala pa ochepa aja amene zilembo zake zikali zakuthwa ndi khungu lake losakhudzidwa. Usagule yowala mokayikitsa pa mtengo wa yabwino, ndipo amayi a m'midzi uziwauza poyambirira kuti asakutsukire, chifukwa mwa ulemu wao adzafuna kukupatsa zoyera.

Chitini cha agogo usagulitsemo kanthu tisanakhale pansi ndi alongo athu, kuti za azakhali zija zisabwerezeke pa ife. Brassoyo upatse mlamu wanga atsukire zogwirira zitseko. Upereke moni kwa iye ndi kwa ana onse.

Ndine mkulu wako,
wa ku Ntchisi