Phindu la nyumba ya lendi: kutonola chimanga tisanayeze

Liwu loti "phindu" timalisenzetsa katundu wolemera. Wogulitsa nyumba akalitchula amatanthauza lendi yolowa, pamene wogula amamva ndalama zotsala m'thumba. Ine ndinaphunzira za zinenero, osati za chuma, koma kusiyana kumeneku ndinakuona bwino pamene achemwali anga a ku Joni anandituma kuti ndiwawerengetsere nyumba ina ku Area 25 ku Lilongwe asanatumize thukuta lawo la zaka zambiri.

Mtengo wake unali K60 miliyoni, lendi K400,000 pamwezi, kutanthauza K4.8 miliyoni pachaka. Mukagawa lendi ya chaka ndi mtengo wa nyumba, mupeza 8 peresenti. Imeneyi ndiyo nambala imene wogulitsa amaikonda, koma ndi chimanga choyezedwa pamodzi ndi zitsononkho.

Kutonola kumayamba ndi nthawi imene nyumba imakhala yopanda munthu. Wina akatuluka, wolowa safika mawa lake, choncho ndinachotsa mwezi umodzi, n'kutsala K4.4 miliyoni. Kenako ndinachotsa zimene nyumbayo imadya kuti ipitirize kubala. Popeza achemwali ali kutali, wotolera lendi akanatenga gawo limodzi mwa magawo khumi, K440,000. Penti, mapaipi ndi denga ndinaziikira K500,000, msonkho wa khonsolo ndi wa malo K160,000, inshulansi K100,000. Zonse pamodzi ndi K1.2 miliyoni, ndipo zotsala ndi K3.2 miliyoni. Ndalama zimenezi ndizo zimene nyumbayo imabala payokha pachaka.

Mtengo nawonso unafunika kuwongoledwa. Kusintha umwini, kulipira loya ndi kukonza koyamba zikanadya K4 miliyoni, kotero ndalama zolowetsedwa zinali K64 miliyoni. Mukagawa 3.2 ndi 64, mupeza 5 peresenti. Nyumba ndi yomweyo, koma magawo atatu asowa.

Onani kuti ngongole ya kubanki sindinaiike m'gulu la zochotsedwa. Ngongole ndi ya mwini, si ya nyumba; mukaisakaniza, simungathenso kuyerekeza nyumba ziwiri mwachilungamo. Imabwera pambuyo ngati muyeso: chiwongoladzanja chikaposa 5 peresenti, kwacha iliyonse yobwereka imadya zoposa zimene yabala, ndipo m'zaka zapitazi mabanki a ku Malawi akhala akubwereketsa pa chiwongoladzanja choposa 20 peresenti.

Chiwerengerochi chili ndi malire ake. Sichinena kanthu za kukwera kwa mtengo wa malo, kapena za kugwa kwa kwacha kumene kumapweteka wolandira malipiro m'marandi. Komabe njira yake ndi imodzimodzi ku Chipata, ku Tete ndi ku Harare. Wogulitsa akakutchulirani phindu, m'pempheni malisiti a lendi a miyezi 12 ndi a zokonza. Akakuonetsani pangano la lendi lokha, dziwani kuti zitsononkho zidakali m'thumba.