Mutu wa mwana, thupi la munthu wina

Mukalowa m'nyumba zambiri ku Ndirande kapena ku Bangwe masiku ano, pafupi ndi kalendala ya mpingo mupeza posita ya mwana wa ku mkaka atavala khoti loyera la udokotala, kapena chipewa cha woyendetsa ndege. Ine ndi mmodzi mwa amene amapanga zithunzi zimenezi. Digiri ili m'sutikesi, ntchito sinapezeke, ndiye foni ndi `PicsArt` ndi zomwe zimandigulira bandulo.

Njira yomwe ambiri amaifuna ndi yachidule: kudula mutu wa mwana pa chithunzi n'kuuika pa thupi la dokotala wa pa intaneti. Vuto lake limaoneka msanga. Mutu wa khanda umakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a msinkhu wake, pamene wa munthu wamkulu ndi limodzi mwa asanu ndi atatu. Ukauchepetsa kuti ugwirizane ndi mapewa a munthu wamkulu, mwana amaoneka ngati kankhalamba. Ukausiya momwe ulili, amaoneka ngati chidole. Ndiye pali manja. Zithunzi zambiri zaulere za madokotala n'za azungu, choncho nkhope imakhala ya ku Zingwangwa, manja a ku Ulaya. Ana amaona zimenezi msanga kuposa akuluakulu.

Achemwali anga a ku Machinjiri atandipempha posita ya mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi, ananditumizira chithunzi chausiku pa WhatsApp, nkhope ikunyezimira ndi fulashi.

"Achimwene, mungomuika pa thupi la dokotala, mawa ndi befide yake," anatero.

"Iyayi achemwali, mumuveke malaya oyera a alamu, ndibwera ndimujambule ndekha."

Tinamuimika pakhonde cha m'ma 4 koloko madzulo, pamthunzi, nkhope itayang'ana kowala, kumbuyo kuli khoma lopanda zolemba. Foni ndinaitsitsa kufika pa msinkhu wa maso ake, chifukwa ukajambula mwana utaimirira, mutu umakula, miyendo n'kufupika. Malaya anamufika m'maondo, manja ake tinachita kupinda katatu. Pa foni ndinangochotsa khoma lija, n'kuika mtundu umodzi wobiriwira kumbuyo, n'kuwonjezera kachipangizo komvera kugunda kwa mtima m'khosi mwake. Pansi pa kachipangizoko ndinaika kamthunzi pang'ono. Popanda mthunzi, chinthu chimaoneka ngati chikuyandama.

Pomwe ambiri amalira ndi populinta. Pepala la `A4` kuti lituluke bwino limafuna mapikiseli `2480 x 3508`. WhatsApp imachepetsa chithunzi ukachitumiza mwachizolowezi, ndiye pa foni chimaoneka chakuthwa koma papepala tsitsi limasanduka timabokosi. Tumizani ngati `Document`. Musanalipire, kulitsani chithunzicho pa maso a mwana: ngati nsidze sizikuoneka bwinobwino, papepala zidzaipiratu. Komanso pepala silowala ngati sikirini, khungu lakuda limatuluka lodera kwambiri. Ndimayamba ndawalitsa nkhope pang'ono, n'kupulinta kakang'ono koyesera.

Chomwe tinakanganapo ndi mawu. Achemwali ankafuna dzina lonse la mwana, "Dr" kutsogolo, ndi dzina la sukulu yake. Ndinawakumbutsa kuti posita ikapita pa sitetasi, aliyense akhoza kuijambula n'kuisunga, ndipo munthu wosamudziwa adziwa nkhope, dzina ndi komwe mwana amakhala m'mawa uliwonse. Tinasiya dzina loyamba lokha. Ndinakananso kulemba kuti "adzakhala dokotala". Posita imakhala pakhoma zaka zambiri. Tsiku lomwe zotsatira za MSCE zidzatuluke, mawu amenewo akhoza kusanduka ngongole yomwe mwana sanakongole. Enafe tinakula tikutchedwa "adokotala" pakhomo, ndipo tikudziwa kulemera kwake.

Sikuti malotowo ndi abodza. College of Medicine inatsegulidwa mu Blantyre momwemuno mu 1991, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Yolanda Kaunda anakhala kaputeni wamkazi woyamba wa ndege m'Malawi mu 2016. Mayi wa ku Chilomoni akandipempha posita ya upayiloti, ndimamuuza za Yolanda, kuti mwana akafunsa za mizere inayi ya paphewa amuuze dzina la Mmalawi amene anaivaladi.

Anthu ena amakanabe njira yanga. Amati malaya a bambo akuoneka kuti ndi a bambo, iwo akufuna dokotala weniweni. Ndimawapangira, ndalama ndimaifuna. Koma ndimayamba ndafunafuna thupi la munthu wakuda, ndipo ndikalipeza, ndimayang'ana kaye manja.