Mawu 250 okha, koma manambala asatayike

Sindinkadziwa kuti kudula mawu ndi luso lokoma chonchi. Ndimagwira ntchito ya zaumoyo kufupi ndi chipata cha Mchinji, pamene malole amawolokera ku Mwami kupita ku Chipata, ndipo chaka chino ndi koyamba kulemba chidule cha kafukufuku choti chikawerengedwe pa msonkhano. Okonza msonkhanowo anati mawu asapitirire 250. Gawo la zotsatira lokha linali litadya kale pafupifupi malo onsewo.

Mkulu wina amene ndimagwira naye ntchito sanandikonzere kalikonse. Anangondipatsa pepala limodzi nati, “Achimwene, werengani momwe analembera za kwathu kuno, mukatero mubwere.” Chinali chidule cha kafukufuku wa MaiMwana, wochitikira m'boma lathu lomwe lino la Mchinji, chimene chinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2013. Anagawa midzi m'zigawo 48 ndi kutsatira ana obadwa 26,262 pakati pa 2005 ndi 2009, kuti aone ngati magulu a amayi ndiponso alangizi ongodzipereka amachepetsa imfa za amayi ndi makanda. Ntchito ya zaka zonsezo inakwana m'ndime zochepa, ndipo ine mtima unangoti phwii, kusirira.

Chiganizo chimodzi ndi chimene chinandigwira. Chimanena kuti m'madera opanda alangizi, magulu a amayi anachepetsa imfa za amayi ndi 74 peresenti, ndipo pambali pake pali manambala atatu: 0.26, kenako 0.10–0.70. Yoyambayo imayerekeza mpata wa imfa kumene kunali magulu ndi kumene kunalibe. Ikakhala 1, ndiye kuti palibe kusiyana. Ziwiri zinazo ndi malire a chikhulupiriro, osonyeza kuti phindu lenileni likhoza kukhala lalikulu kwambiri kapena lapakatikati, koma mbali zonse ziwiri zili pansi pa 1. Munthu wofuna kusunga malo akanathera pomwepo, pa nkhani yosangalatsa. Iwo sanatero. M'chiganizo chomwecho anawonjezera kuti kumene kunali alangizi sikunaoneke kusintha: 1.09, malire 0.40–2.98. Malire amenewa akudumpha 1, ndiponso ndi otambalala kwambiri, kotero sangatiuze ngati zinathandiza kapena ayi. Mukachotsa kachidutswa kameneka mwapulumutsa mawu ochepa chabe, koma wowerenga apita akukhulupirira kuti magulu anathandiza paliponse. Pamenepo mwasintha zimene kafukufuku anapeza.

Ndiye malo anawapeza kuti? Apa ndi pamene ndinazikondera. Dzina la muyezo analitchula kamodzi kokha, pa nambala yoyamba, ndipo kuchokera pamenepo manambala amangotsatana m'ndondomeko yomweyo popanda kubwereza. Ine ndinatengera zomwezo: koyamba ndimalemba `OR 0.26, 95% CI 0.10-0.70`, kutsogoloko `0.59, 0.40-0.86` basi. Kamzere kafupi kapakati pa manambala nakonso kamathandiza, chifukwa kompyuta imawerenga `0.10-0.70` ngati liwu limodzi, pamene `0.10 to 0.70` ndi mawu atatu. Muli ndi malire asanu ndi limodzi, mwapulumutsa mawu 12 osataya nambala ngakhale imodzi. Muyenera kungoona kaye malamulo a msonkhano kapena magazini, poti ena amawerenga zilembo osati mawu, ndipo ena amafuna malire alembedwe mwa njira yawo.

Zina zimene zinachoka pa pepala langa ndi mawu otsegulira njira, aja onena kuti zotsatira zathu zasonyeza zakutizakuti. Mutu wa gawo wanena kale zimenezo. Nambala ya `p` ndinaichotsanso paliponse pamene pali malire, popeza malirewo amanena zomwezo ndi kuwonjezerapo kukula kwa kusiyanako. Zotsatira zing'onozing'ono, zimene sizinali funso langa lalikulu, ndinazisiyira pepala lathunthu.

Koma pali zimene sindinakhudze: chiwerengero cha anthu m'gulu lililonse, zotsatira za funso lalikulu, ndi malire ake. Malangizo a CONSORT okhudza zidule, amene anatuluka mu 2008, amafunanso zimenezi. Peresenti yopanda chiwerengero imasocheretsa, chifukwa theka la anthu 10 si chimodzimodzi ndi theka la anthu 1,000.

Nditamaliza, mkulu uja anaphimba ndi dzanja gawo lomaliza la chidule changa nandifunsa ngati munthu angafike pa mfundo yomweyo poona manambala okha. Anatero pofuna kuona ngati panatayika kanthu. Inu amene mukulimbana ndi chidule chanu choyamba, pezani cha MaiMwana muchiwerenge ndi pensulo m'manja, kenako muyambe kudula mawu ozungulira manambala anu, osati manambalawo.