Mau a pa kantemba ka asisi

Asisi anga atatsegula kantemba ka mobayilo mane pafupi ndi msika wa Kasanda kuno ku Kabwe, anandipatsa ntchito yolemba mau oika pa windo ndi pa sitetasi ya WhatsApp. Pamzere umenewo tuntemba n'tambiri, tachikasu ta MTN ndi tofiira ta Airtel, ndipo tonse timachita zofanana. Munthu akasankha kamodzi, amasankha chifukwa wakhulupirira amene wakhala mkatimo.

Pepala loyamba ndinalemba ndi maka yofiira: CHENJERANI NDI AKAWALALA A PA FONI! Asisi analiyang'ana n'kundibwezera. "Iwe, munthu wanyamula K2,000 m'chitenje, afike pa windo panga, mau oyamba kuwerenga akhale akawalala? Apita kwa mnzanga apo." Ndinalemba lachiwiri lonena kuti pano ndalama zanu sizingabedwe. Nalonso analikana, ndipo apa ndinakwiya pang'ono. Koma anali ndi mfundo. Ejenti amateteza zochitika pa windo pake basi. Kasitomala akafika kunyumba n'kuuza munthu wa pa foni pini yake, mawa adzabwera kudzaloza pepala lija.

Mau oyenera ndinawapeza tsiku lina nditakhala nawo m'kantemba. Kunabwera amai ena ogulitsa tomato, thukuta lili kamukamu, foni ili kukhutu. Anaponya K450 pa kauntala n'kunena kuti iikidwe msanga pa nambala ina. Munthu wa pa foniyo anali kulira kuti watumiza ndalama kwa iwo molakwitsa, ndipo ndi ya mankhwala a mwana. Meseji inalipodi, yonena kuti alandira K450.

Asisi sanatchule zakuba. Anati, "Amai, mudule kaye foni, tione balansi pamodzi. Pini muike nokha, ine ndayang'ana kumbali." Amaiwo anadinda *115#, ndipo mu akaunti munali K32, yomwe inalimo kuyambira m'mawa. Kenako asisi anawaonetsa pamwamba pa meseji ija. Inachokera ku nambala wamba ngati yanu kapena yanga, pamene meseji yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani, pansi pa mameseji ena akale a ndalama. Wina anangokopera mau a meseji yeniyeni n'kusintha chiwerengero. Asisi anawonjezera kuti ngakhale ndalamayo ikanalowadi, si ntchito yao kuibweza ndi manja. Wolakwitsayo aimbire kampani kuti ndiyo ibweze. Foni inalira kanayi, kenako inakhala chete.

Pamenepo asisi anataya kakomishoni kao, chifukwa ejenti amadya ndalama ikayenda. Koma ndinaona kuti chenjezo lonse linalowa m'zimene iwo anachita, popanda kuopseza munthu kapena kumuchititsa manyazi. Ndiye ndinasiya kulemba zimene akawalala amachita, n'kuyamba kulemba zimene ife timachita. Pepala lomwe lili pa windo lero likuti:

"Takulandirani. Pini yanu sitiifunsa, ndipo wa kampani weniweni saifunsanso. Tisanatumize, tikuwerengerani dzina la wolandira kuti muvomere. Ngati wina akuti watumiza ndalama kwa inu molakwitsa, bwerani tione balansi pamodzi. Kufunsa n'kwaulere."

Za dzina zija tinaziika chifukwa cha meseji imene tonse tinailandirapo, yoti ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Imagwira munthu amene analidi ndi cholinga chotumiza lendi kapena ya sukulu tsiku lomwelo. Dzina likatuluka lachilendo, osati la alandilodi, asisi amaima n'kunena kuti muwaimbire kaye pa nambala yao yakale. Pa sitetasi ndinawonjezerapo *707#, nambala ya ZICTA yokanenera manambala a anthu otere, koma pa windo sindinaiike. Munthu woima pa mzere amawerenga mizere inayi, wachisanu saufika.

Pali chimene pepala silingathe. Ena amafika atauzidwa kale pa foni kuti asauze ejenti chilichonse, ati ejenti adzawabera mphoto imene awina. Mnyamata wina anakana kumva, anatenga K300 yake n'kukaitumizira pa kantemba kena. Asisi sanamuthamangire, ndalama ndi yake.

Mau amene tinakangana kwambiri ndi omaliza aja. Ine ndinaopa kuti anthu azidzaza pa windo ndi mafunso osasiya ngakhale ngwee. Amabweradi, makamaka achikulire, foni ili m'manja, kudzafunsa ngati meseji ndi yoona. Amai a tomato aja tsopano amasungitsa ndalama zao madzulo alionse kwa asisi, ndipo ndiwo anandiuza kuti kuno ku Kabwe pepala la Chinyanja chokha silikwanira. La Chibemba anandithandiza kulemba okha, tinalimata pansi pa linzake.