Batire latsopano pambali pa lakale

Loweruka ndinagona kwa achimwene ku Mchinji. Sola yawo anaika zaka zitatu zapitazo, panelo imodzi ya mawati 150 ndi batire la asidi la 100Ah. Atagula kafiriji anawonjezera batire lina latsopano, n'kulilumikiza pambali pa lakale lija, pulasi kupulasi, mainasi kumainasi. Koma magetsi akumathabe anthu asanagone.

Tinatchaja mabatire onse awiri mpaka kudzaza, n'kuwalekanitsa, agone paokha. M'mawa mita inaonetsa mavoti 12.7 pa latsopano, pa lakale 12.1. Vuto ndi limenelo. Mabatire olumikizidwa chonchi amakakamizika kukhala pa mavoti ofanana, ndiye lakalelo, poti silisunganso moto, limayamwa mnzake usiku wonse. Latsopano limasenza lokha katundu wa awiri, ndipo limakalamba msanga.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti panelo ikadali imodzi yomwe ija. Singadzaze mabatire awiri firiji ikudyanso masana, ndipo batire la asidi likamakhala losadzaza masiku ambiri limauma m'kati, osabwereranso.

Ndinawauza kuti, “Achimwene, lakaleli lichotseni, liziyatsa mababu lokha. Ndalama ikapezeka muyambe ndi panelo.” Pogula ayang'ane kachikwangwani kakumbuyo, Vmp ifanane ndi ya yakaleyo ngati aziika pambali, aonenso ngati kontirola ingapirire ma ampu a mapanelo awiri. Yawo ndi ya 10A, ikufunika kusintha.