Makanema awiri, avereji imodzi, matenda osiyana

Ntchito yanga ndi kuyendetsa makanema otsatsa malonda pa Facebook, Instagram ndi YouTube, m'malo mwa mashopu ndi makampani ang'onoang'ono. Wojambula amajambula, wodula kanema amadula, ndipo ine ndimaika kanemayo pamaso pa anthu ndi ndalama za kasitomala. Pakapita masiku angapo kasitomala amafunsa kuti, "Kodi kanema uja akugwira ntchito?" Kuti ndiyankhe, ndimayang'ana manambala awiri: ndi anthu angati pa 100 alionse amene anaima n'kuonera, komanso anaonera kwa nthawi yaitali bwanji. Nambala iliyonse ili ndi funso lake, ndipo yankho lenileni limatuluka ndikaziwerenga pamodzi.

Ndisanawerenge chilichonse, ndimayamba ndadziwa kuti malo amene ndatsatsirapo amawerengera bwanji munthu kuti waonera, chifukwa sawerengera mofanana. Pa YouTube, kanema wotsatsa amene munthu angamudumphe pakatha masekondi 5 amawerengedwa kuti waonedwa munthuyo akafika masekondi 30, kapena akamumaliza ngati ndi wamfupi kuposa pamenepo, kapenanso akadina pa malondawo. Nambala ya View rate mu Google Ads imachokera pamenepo: oonerawo amagawidwa ndi maulendo onse amene kanemayo anaonekera. Ku Ads Manager ya Meta kuli miyezo ina. 3-second video plays imawerenga amene anafika masekondi atatu, pomwe ThruPlays imawerenga amene anafika masekondi 15, kapena kumaliza kanema wosakwana masekondi 15. Choncho 30 peresenti ya pa YouTube ndi 30 peresenti ya pa Facebook si chinthu chimodzi. Kasitomala akandionetsa manambala awiriwa n'kunena kuti akufanana, ndimamufotokozera kuti wina wawerenga anthu amene anakhala theka la mineti, wina wawerenga amene anangoimitsa chala pang'ono.

Pa Meta ndimadzipangira ndekha magawo awiri mu lipoti:

```
3-second video plays / Impressions
ThruPlays / 3-second video plays
```

Gawo loyamba limandiuza ngati chiyambi cha kanema chikuimitsa chala cha munthu amene akungoyendetsa foni. Gawo lachiwiri limandiuza ngati amene waimayo akupeza chifukwa chopitirizira. Pambali pa awiriwa ndimaika Video average play time, yomwe ndi avereji ya masekondi amene kanemayo anaseweredwa.

Tiyerekeze shopu ya ku Lilongwe yogulitsa nyale za sola, ndipo manambalawa ndi achitsanzo, osavuta kuwerengetsa. Tapanga makanema awiri a masekondi 30, ndipo aliyense waonekera ka 20,000 kwa anthu a gulu limodzi. Kanema woyamba akuyamba ndi chizindikiro cha shopu chikuzungulira, kenako kutsogolo kwa shopuyo. Pa sekondi yachisanu m'pamene magetsi akuthima m'nyumba, mayi n'kuyatsa nyale, mwana n'kupitiriza kuwerenga. Mtengo ndi nambala ya foni zikubwera pa sekondi ya 20. Kanema wachiwiri akuyamba ndi mnyamata akupunthwa mumdima moseketsa, kenako mwini shopu akuima n'kufotokoza za batire ndi chitsimikizo cha katundu, mtengo n'kubweranso pa sekondi ya 20. Lipoti likuti onse awiri avereji yawo ndi masekondi atatu ndi kachidutswa. Munthu wongoyang'ana avereji anganene kuti makanemawa ndi ofanana, ndipo onse ndi olephera.

Koma tiyeni tiitsegule averejiyo. Pa kanema woyamba, 3,000 okha ndi amene anafika masekondi atatu, ndiye kuti 15 peresenti. Mwa amenewa, 1,500 anafika masekondi 15, ndiye theka lathunthu. Tikati 17,000 odutsawo anaona sekondi imodzi aliyense, 1,500 anachoka cha pa masekondi 8, ndipo 1,500 enawo anafika cha pa masekondi 26, masekondi onse akukwana 68,000. Kugawa ndi 20,000 tikupeza 3.4. Pa kanema wachiwiri, 7,000 anafika masekondi atatu, ndiye 35 peresenti, koma 700 okha ndi amene anafika masekondi 15, munthu mmodzi pa khumi alionse. Tikati 13,000 anaona sekondi imodzi, 6,300 anachoka cha pa masekondi 6, ndipo 700 anafika cha pa masekondi 25, tikupeza 68,300, yomwe ikutipatsanso 3.4.

Avereji ndi imodzi, koma matenda ndi osiyana kotheratu. Kanema woyamba ali ndi nkhani yabwino imene yabisika kuseri kwa chiyambi chozizira. Theka la ochepa amene anapirira masekondi oyambawo linakhala mpaka kuona mtengo. Kanema wachiwiri amakoka anthu ambiri, koma amawataya nthabwala ikangotha, chifukwa anaimira kuseka, ndipo chimene chikutsatira sichikugwirizana ndi chimene chinawaimitsa. Ngakhale kanema wachiwiri anaimitsa anthu oposa kawiri, amene akanatha kuona mtengo pa sekondi ya 20 sangapitirire 700, pamene pa kanema woyamba angayandikire 1,500.

N'chifukwa chake avereji ya nthawi sindiiwerenga payokha. Si munthu weniweni amene anaonera masekondi 3.4, ndi khamu lalikulu lodutsa losakanizidwa ndi kagulu kochepa kokhazikika. Kuti ndione pamene anthu akuchokera, ndimatsegula Video plays at 25%, 50%, 75% ndi 95%, n'kusandutsa maperesentiwo kukhala masekondi. Pa kanema wa masekondi 30, 25 peresenti ndi masekondi 7.5, theka ndi 15, ndipo 75 peresenti ndi 22.5. Kenako ndimaonera kanemayo ndili ndi pepala, ndikulemba sekondi imene katundu waonekera koyamba, imene dzina la shopu latchulidwa, ndi imene mtengo wabwera. Ndikaika pepalali pambali pa lipoti, funso limasintha. Silikhalanso loti anthu anaonera nthawi yaitali bwanji, koma loti ndi angati anali akuonerabe pamene tinanena chimene tinalipirira kuti tinene.

Mankhwala ake amatsatira matenda. Kanema woyamba sindimutaya. Ndimapempha wodula kanema kuti achotse masekondi anayi oyambawo, kanemayo ayambire pamene magetsi akuthima, chizindikiro cha shopu chikhale pakona. Ndimaonjeza mawu olembedwa pa kanema, popeza ambiri amaonera foni ili chete, m'minibasi kapena kuntchito. China chilichonse ndimachisiya momwe chinalili, kuti nambala ikasintha ndidziwe chimene chaisintha. Chimene ndikuyembekezera n'chakuti 15 peresenti ija ikwere. Theka lija litha kutsikako pang'ono, chifukwa tsopano tikuimitsanso anthu amene alibe chidwi kwenikweni, ndipo zimenezo sizindidetsa nkhawa bola chiwerengero cha ofika pa mtengo chikukula. Pa kanema wachiwiri ndimakonza pakati pa sekondi yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu: mnyamata wopunthwa uja ayatse nyale yomweyo, mtengo uonekere pomwepo, ndipo mafotokozedwe a mwini shopu afupikitsidwe.

Manambalawa amathanso kusocheretsa ngakhale kanema ali bwinobwino, ndipo pali zinthu zitatu zimene ndimafufuza ndisanaweruze. Choyamba ndi cholinga cha kampeni. Ndikauza Meta kuti ndikufuna ThruPlay, imandipezera anthu amene amakonda kuonera makanema, ndipo manambala a kuonera amakongola. Ndikaiuza kuti ndikufuna mauthenga a pa WhatsApp, imafunafuna anthu olemba mauthenga, ndipo kanema yemweyo amaoneka ngati akuonedwa pang'ono. Ndiye makanema a makampeni a zolinga zosiyana sindiwayerekeza.

Chachiwiri ndi malo amene kanema anaonekera. Ndimadina Breakdown, n'kusankha Placement. Pa Audience Network pali malo ena amene munthu amaonera malonda mpaka kumapeto kuti alandire mphoto m'masewera a pafoni. Kumeneko omaliza kanema amachuluka, koma anamaliza chifukwa cha mphotoyo. Kanema mmodzi akapatsidwa malo oterewa ambiri, amaoneka wopambana pomwe sanapambane. Ndimagawanso lipoti potengera dera. Munthu amene akusamala bandulo yake amatha kuzimitsa kuti makanema asamayambe okha, ndipo kumene netiweki ndi yofooka kanema amachedwa kutseguka, munthu n'kudutsa asanaone kanthu. Makanema onse awiri akatsikira limodzi m'dera limodzi, ndimakayikira netiweki ndisanaimbe mlandu wojambula. Mmodzi yekha akatsika, vuto lili mu kanemayo.

Chachitatu ndi kutalika kwa kanema. Kanema wa masekondi 10 amapeza ThruPlay pongomalizidwa, pamene wa masekondi 30 amafunika 15. Komanso makanema afupiafupi amadzibwereza okha, ndipo Meta imawerengera nthawi yobwerezayo mu avereji. Motero avereji ya masekondi 4 pa kanema wa masekondi 10 siyenera kuikidwa pa mzere umodzi ndi avereji ya masekondi 4 pa kanema wa mineti yathunthu.

Sindifulumiranso kuweruza. Kanema akaonekera maulendo mazana ochepa okha, anthu owerengeka atha kukweza kapena kutsitsa peresenti kwambiri, ndiye ndimadikira kuti aonekere maulendo masauzande angapo, pa masiku a ntchito ndi a kumapeto kwa sabata omwe. Ndikaika makanema awiri pamodzi, Meta imakonda kupereka ndalama zambiri kwa mmodzi msanga, winayo n'kutsala wopanda manambala okwanira. Ndikafuna kuyerekeza kwachilungamo ndimagwiritsa ntchito A/B test, imene imagawa anthu m'magulu osasakanikirana. Ndipo kanema amene anayamba bwino akamatsika sabata ndi sabata pamene Frequency ikukwera, ndiye kuti anthu omwewo amuona kambirimbiri. Pamenepo chofunika ndi chiyambi chatsopano kapena anthu atsopano.

Pomaliza pake, mwini shopu sagulitsa masekondi, amagulitsa nyale. Ndiye kumapeto kwa lipoti ndimaika Messaging conversations started ndi ndalama zimene uthenga uliwonse watidyera. Kanema amene akuonedwa pang'ono koma akubweretsa mauthenga otchipa ochokera kwa ogula enieni sindimuzimitsa. Ndimangoyesa chiyambi china pambali pake. Kanema amene anthu akumuonera mpaka kumapeto koma osalemba uthenga, vuto lake si kuonera ayi. Ndimapita kukayang'ana mtengo, ngati nambala ya foni ikuwerengeka pa foni yaing'ono, ndiponso ngati tamuuza munthuyo chochita akamaliza. Manambala a kuonera sandiuza ngati shopu ipindula, koma amandilozera sekondi imene tiyenera kukonza, ndipo ndikapita kwa wodula kanema ndimapita ndi sekondi imeneyo m'manja.